Kuyeza kutalika kwa funde la kuwala ndi malumo awiri, mwaye ndi lula

Funde limodzi la kuwala kofiira ndi lalifupi kwambiri moti mafunde oposa 1,500 amakwana m'milimita imodzi. Palibe lula imene ingaliyeze mwachindunji. Koma kuwalako kukadutsa pa timing'alu tiwiri toyandikana, kumakajambula pakhoma mizere yowala yolekanitsidwa ndi mdima, ndipo mpata wa pakati pa mizereyo ndi waukulu ndithu, woyezeka ndi lula ya mwana wasukulu. Mpatawo umatsata kutalika kwa funde: kuwala kofiira kumatalikitsa mizere, kobiriwira kumaifupikitsa. Ntchito yathu ndi kupanga timing'aluto, kuyeza mpatawo ndi mitundu iwiri ya kuwala, kenako kuwerengera.

Tikamati kutalika kwa funde, sitikunena msinkhu wake ayi. Tikunena mtunda wochokera pa nsonga ya funde limodzi kukafika pa nsonga ya funde lotsatira. Amaulemba ndi chilembo cha Chigiriki λ, ndipo pa kuwala amauyeza m'mananomita, amene mwachidule amalembedwa nm. Milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000.

Zofunika kusonkhanitsa

Pezani matochi awiri a leza, aja aphunzitsi amalozera pabolodi: ina yofiira, ina yobiriwira. Pakapepala komatidwa pa yofiira kawirikawiri pamalembedwa 650 nm, kapena 630-670 nm, ndipo pa yobiriwira pamalembedwa 532 nm. Mufunikanso malumo awiri atsopano, aja opyapyala akuthwa uku ndi uku, kagalasi kosalala, kandulo kapena koloboyi, mapegi anayi oyanikira zovala, pepala loyera, selotepi, pensulo, lula ya mamilimita ndi tepi yoyezera.

Za maso musachite nazo chibwana. Sankhani tochi yolembedwa Class 2 kapena <1 mW. Musayang'ane kumene kukuchokera kuwalako, ndipo samalani ndi kunyezimira kobwerera kuchokera pagalasi ndi pamalumo. Matochi obiriwira otsika mtengo nthawi zambiri amakhala amphamvu kuposa zolembedwa pa iwo, ndipo ena amatulutsanso kuwala kosaoneka ndi maso koma kotha kuwononga diso. Ikani zonse patebulo lalifupi, kumunsi kwa maso a aliyense amene ali m'chipindamo, ngakhale ana.

Gawo loyamba: kupanga timing'alu

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo musadabwe mukabwereza kangapo.

Tsukani galasi liume. Lidutsitseni pamwamba pa lawi la kandulo, uku ndi uku, osaliimitsa malo amodzi kuopa kuti lingasweke. Pitirizani mpaka mwaye utakuta mbali imodzi moti mukaloza galasilo kuwindo simukuona kuwala kulikonse. Mwaye wopyapyala umadutsitsa kuwala, zimene zimadzaika chidontho chowala pakati pa mizere yanu n'kuiphimba.

Galasi likazizira, phatikizani malumo awiri aja, lina pamwamba pa linzake, nsonga zake zifanane bwinobwino. Amangeni ndi selotepi kuti asaterereke. Gonekani lula pamwamba pa galasi, mutaikhazika pa timakatoni kuti isakhudze mwaye, ndipo kokani nsonga za malumowo motsata lulayo kamodzi kokha, mopepuka, osabwereza. Mukabwereza mumakulitsa timing'alu kapena kutiphatikiza kukhala kamodzi. Lembani mizere yotere isanu kapena isanu ndi umodzi pagalasi lomwelo, motalikirana, kuti mudzasankhepo wabwino.

Chifukwa chogwiritsa ntchito malumo n'chakuti kuthwa kwa lumo kumakhala pakatikati pa kunenepa kwake. Mukaphatikiza awiri, mtunda wa pakati pa makuthwa awiriwo umafanana ndi kunenepa kwa lumo limodzi, pafupifupi mamilimita 0.1. Mtunda umenewu timautcha d, ndipo umayezedwa kuchokera pakati pa kamng'alu kena kufika pakati pa kanzake. Musavutike kuuyeza tsopano. Kuwala kobiriwira kudzatiuza.

Gawo lachiwiri: kuyala zipangizo

Imikani galasi patebulo ndi mapegi awiri, timing'alu titaima chilili. Tochi igonekeni pa buku kapena pa mapegi, pegi ina itapana batani kuti isamazime. Musaigwire m'manja, dzanja limanjenjemera. Matani pepala pakhoma, ndipo sunthani tebulo mpaka galasi litalikirane ndi khomalo mamita atatu. Mtundawu ndiwo L. Uyezeni kuchokera pagalasi, osati patochi. Ambiri amalakwa pomwepa, chikhalirecho kusendeza tochi kutsogolo kapena kumbuyo sikusintha mpata wa mizere.

Musanaike galasi, onetsetsani kuti kuwala kukumenya khoma molunjika, osati mopendekera. Ikani kalilole wamng'ono mogonera khoma: kadontho kobwerera kagwere pafupi ndi tochi. Mukatero tsekani makatani, zimitsani magetsi, ndipo sunthani galasi pang'onopang'ono mpaka kuwala kugwere pa timing'alu tonse tiwiri mofanana. Dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu kuti maso azolowere mdima.

Gawo lachitatu: kuzindikira zimene mukuona

Zikayenda bwino muona timizere kapena timadontho towala titandandalika chopingasa, totalikirana mofanana, kowala kwambiri kali pakati, enawo akunka nazilala cha m'mbali. Pali zinthu ziwiri zimene zikuchitika nthawi imodzi, ndipo mukapanda kuzisiyanitsa muyeza cholakwika.

Choyamba ndi kumwazika kwa mafunde, kumene m'kalasi amati difulakishoni. Funde likadutsa pampata wopapatiza silipitirira ngati muvi, limabalalika m'mbali. Mpata ukachepa, kubalalikako kumakula. Popanda zimenezi mukanaona timizere tiwiri tokha toyandikana kwambiri, ndipo kuwala kwa kamng'alu kena sikukanakumana ndi kwa kanzake.

Chachiwiri ndi kukumana kwa mafunde, kapena kuti intafiyarensi. Poti kuwala kochokera ku timing'alu tiwiri tija kwamwazika, pamalo alionse apakhoma pamafika mafunde awiri. Onse achokera mutochi imodzi, choncho amanyamuka pagalasi akuyendera limodzi. Pakati penipeni maulendo awo ndi ofanana, nsonga imafika pamodzi ndi nsonga, ndipo pamawala. Mukasendera pambali pang'ono, funde lina limayenda mtunda wotalikirapo kuposa linzake. Kusiyanako kukafika theka la funde, nsonga ya lina imagwera m'chigwa cha linzake, amafafanizana, pamada. Mukasenderanso mpaka kusiyanako kukwane funde lathunthu, nsonga zimakumananso ndipo pamawalanso. Mzere wowala uliwonse ndi malo amene maulendo awiriwo asiyana ndi mafunde athunthu: limodzi, awiri, atatu.

Apa m'pamene kutalika kwa funde kumalowera. Pamalo amene ali pamtunda y kuchokera pakati, maulendo awiriwo amasiyana ndi pafupifupi d × y / L. Kuti mufike pamzere wotsatira, kusiyanaku kuyenera kuwonjezeka ndi λ imodzi. Funde likakhala lalitali, muyenera kusendera patali kuti mulikwanitse. Mwa masamu:

```
Δy = λL / d
```

Δy ndi mpata wa pakati pa mizere iwiri yowala yoyandikana. Lamulo lenileni ndi d sin θ = mλ, pomwe θ ndi ngodya yolozera mzerewo ndipo m ndi nambala ya mzere kuwerenga kuchokera pakati, koma poti ngodya zathu n'zazing'ono, mzere woyamba uli pa ngodya yosakwana ndi theka la digiri lomwe, njira yachiduleyi siisocheretsa. Imayamba kunama ngodya zikakula, monga zimachitikira mukawalitsa leza pa CD, pomwe timizere timathithikana kwambiri.

Onani kuti d ili pansi. Timing'alu tikayandikana, mizere imatalikirana. Poyamba zimamveka zosemphana ndi nzeru, koma ganizani motere: timing'alu tikayandikana kwambiri, maulendo awiri aja amakhala pafupifupi ofanana paliponse, ndiye mumayenera kupita patali kuti asiyane ndi funde lathunthu.

Kuti mutsimikize kuti mizereyo ikubwera chifukwa cha timing'alu tonse tiwiri, tsekani kamodzi ndi kuthwa kwa lumo lina. Pamafunika dzanja lodekha. Mukakwanitsa, mizere yaing'onoing'ono ija imasowa, n'kutsala chibanthu chimodzi chotambalala, ndipo malo amene anali amdima amawala. Mwachotsa kuwala kwina, koma pamalopo kuwala kwawonjezeka.

Gawo lachinayi: kuyeza

Yambani ndi tochi yobiriwira. Imani pambali kuti musatchinge kuwala, ndipo ikani kadontho ka pensulo pakati pa mzere wowala uliwonse. Musayeze mumdima. Chongani kaye, muyatse magetsi, kenako mutenge lula.

Musayeze mpata umodzi wokha. Pakati pa mzere sipaoneka bwinobwino, ndipo n'kosavuta kuphonya ndi milimita imodzi. Mukaphonya milimita imodzi pa mpata wa mamilimita 15, mwalakwitsa ndi gawo limodzi mwa magawo 15. Koma mukayeza mipata isanu ndi umodzi pamodzi n'kugawa, kuphonya komweko kumagawanikanso kasanu ndi kamodzi. Kumbukirani kuti madontho asanu ndi awiri ali ndi mipata isanu ndi umodzi, monga mmene mapando asanu ndi awiri atazikidwa pamzere amasiyira mipata isanu ndi umodzi. Mukagawa ndi chiwerengero cha madontho, yankho lichepa.

Tsopano sinthani tochi, muike yofiira. Musakhudze galasi, musasunthe tebulo, ndipo walitsani pa timing'alu tomwe tija, pamalo omwewo. Mizere yokanda ndi dzanja siitalikirana mofanana kuchokera pamwamba kufika pansi, ndiye mukakweza kapena kutsitsa tochi mungakhale mwasintha d osadziwa. Chongani madontho ofiira pansi pa obiriwira aja papepala lomwelo, mzere wapakati ulunjikane ndi wapakati. Ngakhale musanawerengere kanthu muona kuti ofiira akunka natsogola: woyamba wapitirira wobiriwira pang'ono, wachiwiri kuwirikiza kawiri, wachitatu katatu.

Gawo lachisanu: kuwerengera

Tiyerekeze kuti L ndi mamita 3.00, ndipo mipata isanu ndi umodzi yobiriwira yakwana mamilimita 87. Mpata umodzi ndi 87 ÷ 6, zomwe ndi mamilimita 14.5. Titembenuze lamulo lija kuti tipeze d, zonse tikuziika m'mamilimita. Mananomita 532 ndi mamilimita 0.000532, ndipo mamita atatu ndi mamilimita 3,000.

```
d = λL / Δy = 0.000532 × 3000 / 14.5 = 0.110 mm
```

Yankholi likugwirizana ndi kunenepa kwa lumo, ndiye tili panjira. Mukapeza 1.1 kapena 0.011, bwererani mukaone pamene mwasokoneza masentimita ndi mamilimita.

N'chifukwa chiyani tadalira tochi yobiriwira osati yofiira? M'matochi obiriwira olembedwa 532 nm, kuwala kumayamba ndi funde la mananomita 1,064 lochokera m'kamwala kapadera, kenako kamwala kena kamalidula pakati. Nambalayo imakhazikika chifukwa cha chibadwa cha mwalawo. Matochi ofiira amasiyanasiyana, ndipo funde lawo limasuntha pang'ono tochi ikatentha. N'chifukwa chake opanga ena amangolemba malire, osati nambala imodzi.

Tiyerekezenso kuti mipata isanu ndi umodzi yofiira yakwana mamilimita 107. Mpata umodzi ndi mamilimita 17.8. Mungathe kugwiritsa ntchito d imene tapeza ija, koma pali njira yachidule imene ineyo ndimaikonda kwambiri. Poti L ndi d sizinasinthe, zimafafanizika, ndipo chotsala ndi kuyerekeza miyezo iwiri ya papepala:

```
λ = 532 × 107 / 87 = 654 nm
```

Njirayi ubwino wake ndi wakuti ngakhale munaphonya poyeza mtunda wa kukhoma, yankho silikhudzidwa. Mizere yofiira yatalikirana kuposa yobiriwira ndi gawo lomwelo limene funde lofiira latalikira kuposa lobiriwira, pafupifupi 1.23.

Musalembe 654 ngati nambala yosagwedezeka. Ngati munaphonya milimita imodzi pa 87 ndi inanso pa 107, kulakwitsa konse kungafike magawo awiri pa 100 alionse, omwe ndi mananomita pafupifupi 14. Chimene mwapeza n'chakuti funde lili pakati pa 640 ndi 668, ndipo 650 yolembedwa patochi ili mkati mwa malirewo. Kuti malirewa achepe, talikitsani L. Pa mamita asanu ndi limodzi mipata imawirikiza kawiri, ngakhale mizere imazilala. Mukapeza tochi yachitatu, ija ya mtundu wa vayoleti yolembedwa 405 nm, loserani musanayatse: 0.000405 × 3000 ÷ 0.110 ikupereka mamilimita 11. Ngati lula yavomereza, mwaona nokha kuti mpata umayendera limodzi ndi funde pa mitundu itatu.

Mzere wosowa

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale anthu osamala. Mizere imazilala cha m'mbali, imasowa, kenako imayambanso mozilala. Kumeneku si kulakwika kwa galasi lanu. Kamng'alu kalikonse kali ndi kutambalala kwake, kumene timakutcha a, ndipo kumwazika kwa kamng'alu kamodzi kuli ndi malo ake amdima. Oyamba ali pamtunda λL / a kuchokera pakati. Pamalo amenewo kamng'alu kalikonse sikatumiza kuwala, ndiye ngakhale mafunde akanayenera kukumana nsonga ndi nsonga, palibe chokumana.

Ngati d ndi yaikulu kanayi kuposa a, mdima umenewu umagwera ndendende pa mzere wachinayi mbali zonse ziwiri. Pakati pamatsala mizere isanu ndi iwiri: wapakati, itatu kumanzere, itatu kumanja. N'chifukwa chake m'chitsanzo chija tinayeza mipata isanu ndi umodzi osati khumi. Mukawerenga modumpha malo osowawo osawawerengera, mugawa ndi nambala yochepa ndipo mpata utuluka wokulirapo. Yezani mkati mwa chigawo chapakati chokha.

Mukasintha tochi, mzere wosowa umakhala wachinayi womwewo. Chithunzi chonse chimangotambasuka kapena kukhwinyata, chifukwa mpata wa mizere ndi kukula kwa chigawo chapakati zonse zimatsata λ mofanana. Motero d ndiyo imalamula mpata wa mizere, pomwe a imalamula kuchuluka kwa mizere imene muione.

Zikakana

Mukaona chibanthu chachikulu pakati, chotambalala kawiri kuposa timabanthu ta m'mbali, popanda mizere yaing'ono mkati mwake, ndiye kuti kuwala kukudutsa pa kamng'alu kamodzi. Mwina lumo limodzi silinakhudze galasi, mwina timing'alu taphatikizana. Chizindikiro chake ndi chimenecho: pa timing'alu tiwiri mipata yonse imafanana, kuphatikizapo wapakati. Tsitsi limodzi loikidwa patsogolo pa leza limapereka chithunzi chofanana ndi cha kamng'alu kamodzi, choncho lamulo la d silikugwira ntchito pamenepo.

Mizere ikaoneka koma mipata yake yosada bwino, ndiye kuti kamng'alu kena kakudutsitsa kuwala kochuluka kuposa kanzake, ndipo funde lofooka silingafafanize lamphamvu kotheratu. Sendezani tochi m'mbali pang'ono. Zikapanda kusintha, timing'aluto n'tosiyana kukula, sankhani mzere wina pagalasi. Mizere ikathithikana moti simungaiwerenge, d yakula. Ngati d ndi milimita imodzi, mpata wofiira pa mamita atatu sukwana mamilimita awiri. Mzere wonse wa madontho ukapendekera, ndiye kuti timing'alu sitinaime chilili, pakuti madontho nthawi zonse amayala mopingasa timing'aluto.

Batire likafooka mizere imazilala koma siisuntha. Mphamvu ya kuwala ilibe gawo pa mpata.

Ndi kuwala koyera

Thomas Young, dokotala wa ku England, analibe leza. M'chaka cha 1803 anafotokozera bungwe la Royal Society ku London mmene analowetsera kuwala kwa dzuwa pa kabowo kakang'ono n'kukugawa pawiri ndi kachidutswa kopyapyala ka khadi, ndipo njira ya timing'alu tiwiri anaifotokoza m'maphunziro ake osindikizidwa mu 1807. Iye anawerengera kuti funde la kumapeto kofiira ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 36,000 a inchi, ndipo la kumapeto kwa vayoleti ndi gawo limodzi mwa 60,000. M'miyezo ya lero amenewo ndi mananomita pafupifupi 700 ndi 420.

Nanunso mungaone mizere ya kuwala koyera ndi galasi lanu lomwelo, koma osati pakhoma, chifukwa imazilala kwambiri. Zimitsani ndi kusunga matochi a leza, pakuti njira iyi ndi yoika galasi padiso. Ikani tochi wamba kuseri kwa katoni yomwe mwaicheka mng'alu woima wa milimita imodzi. Imani mamita atatu kapena anayi kuchokera pamenepo, bweretsani timing'alu pafupi ndi diso, mbali ya mwaye italoza kunja, ndipo suzumirani mng'alu wowalawo. Mng'alu wa pakatoni ndi wofunika. Gwero la kuwala likatambalala, mbali iliyonse imajambula mizere yake pamalo osiyana, ndipo yonse imasakanikirana n'kufafanizika.

Mzere wapakati muuona woyera, chifukwa pamenepo maulendo awiri aja ndi ofanana kwa mtundu uliwonse. Mizere ya m'mbali imakhala ndi mitundu ngati ya utawaleza, mbali yoyang'ana pakati yobiriwira modera ngati thambo, mbali yakunja yofiira. Mukawerenga mizere iwiri kapena itatu mbali iliyonse, mitunduyo imayamba kukwerana: mzere wachitatu wa funde la mananomita 600 umagwera pamodzi ndi wachinayi wa funde la 450, popeza 3 × 600 ndi 4 × 450 zonse ndi 1,800. Kupitirira pamenepo mumangoona kuyera kotuwa. Ikani kapulasitiki kofiira patsogolo pa tochi, ndipo mizere yochulukirapo ibwerera, yotalikirana kuposa imene muione mukaika kobiriwira.